Mwaika positi ya ntchito yatsopano koma palibe wakulumikizani ndi munthu: onani pomwe palakwika

Nkhani iyi ndaifotokoza kambirimbiri pa foni mpaka ndati bola ndingoilemba kamodzi. Munthu wathu akapeza ntchito kuno ku Joni amaika positi pa Facebook kapena pa Status ya WhatsApp, ndipo nzabwino, tonse timadziwa mmene munthu amavutikira asanaipeze. Koma ntchito zina sizithera pa kulembedwa, zimafuna kuti udziwane ndi anthu, monga ukalembedwa kuti uzisaka makasitomala, kaya uli ku saluni ndipo ukulandira malinga ndi mitu yomwe wagwira, kaya ku kampani yoika magetsi a sola. Nde munthu amayembekeza kuti positi ija imubweretsera wina woti "ndikudziwa munthu, bwera ndikulumikize" koma pakadutsa sabata amapeza kuti wangokolola ma Amen okhaokha.

Chitsanzo chomwe nditsatire ndi cha mlamu wanga. Analembedwa pa kampani ina yaing'ono yomwe imapikula ndiwo zamasamba ndi zipatso ku msika waukulu wa ku City Deep mbandakucha n'kumakasiya m'malesitilanti. Iye ndi dalaivala, koma bwana anamuuza kuti lesitilanti iliyonse yatsopano yomwe angabweretse adzalandirapo komishoni. Ndipo tonse tikudziwa kuti m'makhitchini a ku Rosebank, Melville, Parkhurst mpaka Fourways muli a Malawi ambiri, ena amatsuka mbale, ena ndi mawetala, ena mpaka ndi mashefi. Anthu oti amulumikize analipo, vuto linali positi.

Pezani chizindikiro chomwe chikufanana ndi chanu, zoyambitsa ndazindandalika kuyambira yomwe ndimaiona kwambiri.

## Makomenti ndi ambiri koma onse ndi "Amen" ndi "zabwino zonse"

Ili nde vuto lalikulu ndipo ndikhalitsapo. Positi yoyamba ya mlamu wanga inali iyi:

"Ambuye ndi wabwino nthawi zonse. Patatha miyezi isanu ndi iwiri ndili pakhomo lero ndayamba ntchito. Amene munandipempherera Mulungu akudalitseni. Tiyeni tizithandizana abale."

Anthu anasangalala naye zenizeni, makomenti anadutsa 100, koma panalibe ngakhale mmodzi yemwe anatchula lesitilanti. Ndipo sindiwada, akanadziwa bwanji?

1. Simunapemphe kanthu. Mawu oti "tizithandizana" si pempho, aliyense amavomera n'kupitirira. Yesani chonchi: patsani munthu wina foni awerenge positiyo, kenako mumufunse kuti "ndikufuna undichitire chani?" Akayamba kukanda mutu ndiye kuti pempho mulibemo.
2. Simunanene ntchito yomwe mukugwira. Ambirife timabisa chifukwa choopa nsanje, ndipo ndikumvetsa, koma mutha kubisa dzina la kampani ndi malipiro n'kunena zomwe mumachita ndi dera lomwe mumayendamo. Munthu sangakulumikizeni ndi shefi ngati sakudziwa kuti mumagulitsa tomato.
3. Mwapempha chinthu chachikulu kwambiri. "Ndipezereni makasitomala" ndi katundu wolemera, wotsuka mbale sangalonjeze kuti bwana wake agula. Koma atha kukuuzani kuti amene amaoda katundu pamalopo ndi ndani, komanso atha kumufunsa ngati angalole kuti mumuimbire. Pemphani chaching'onocho.
4. Pempho lili pansi penipeni. Facebook imadula positi yaitali n'kuika See more, ndipo anthu ambiri sadina, amawerenga mizere yoyamba, aona kuti ndi nkhani yabwino, alemba Amen, apita. Kuthokoza Mulungu musakusiye ayi, koma chiganizo chimodzi chikwanira, ntchito ndi pempho zibwere nthawi yomweyo.

Titakhala pansi madzulo ena tinailembanso chonchi:

"Ndikuthokoza Mulungu, ndayamba ntchito pa kampani yomwe imaperekera ndiwo zamasamba ndi zipatso m'malesitilanti, timafika m'mawa uliwonse ku Rosebank, Parkhurst, Melville ndi Randburg. Ngati mumagwira m'khitchini m'madera amenewa ndipo mukudziwa amene amaoda katundu, ndingasangalale mutamufunsa ngati ndingamuimbire kwa mphindi zisanu. Ndilembereni ku inibokosi, musaike nambala ya munthu pa komenti. Ngati sizingatheke palibe vuto, moni wanu wokha ndi wokwanira."

Taonani zomwe zilimo. Yanena chomwe amagulitsa, yatchula madera anayi, yatchula munthu mmodzi yemwe akumufuna, ndipo yapempha kanthu kamodzi. Chiganizo chomalizacho ena amachiona ngati chongokometsera koma ine ndimachiona kuti nchofunika kwambiri, chifukwa kwathu munthu akapemphedwa chinthu poyera ndiye sangathe, amachita manyazi mpaka amayamba kukuzembani ku tchalitchi. Mukamutsegulira khomo lotulukira amamasuka, ndipo nthawi zambiri womasukayo ndi amene amadzakukumbukirani pakatha mwezi.

Ngati munaika kale positi yoyamba musaifufute, anthu analembapo mawu awo ochokera pansi pa mtima. Dikirani masiku angapo muike yachiwiri, muyambe ndi kuthokoza omwe anakufunirani zabwino kenako pempho.

## Kuli zii, ngati palibe amene waiona

Apa nthawi zambiri si mawu anu, ndi mmene foni yatcheredwera.

1. Positi ili pa Friends kapena Only me. Yang'anani kachizindikiro pafupi ndi tsiku la positi, kakakhala ka dziko lapansi ndiye kuti ili pa Public, kakakhala ka timitu ta anthu ili pa Friends. Ya pa Friends anzanu sangaifikitse kwa anthu omwe si anzanu a pa Facebook. Koma musanasinthe werengani kaye gawo lomaliza la nkhani ino lokamba za mapepala okhalira kuno.
2. Munangoika pa Status ya WhatsApp. Iyi imazimiririka pakatha maola 24, komanso amaiona okhawo omwe inu munasunga nambala yawo ndipo iwonso anasunga yanu. Ngati munasintha nambala mutafika ku Joni kapena foni itabedwa, anthu ambiri akale sakuonani.
3. Anzanu ambiri ali kumudzi. Amalume a ku Mzimba ndi azakhali a ku Mangochi akusangalalirani koma sadziwa shefi wa ku Parkhurst. Kaikeni ku magulu a WhatsApp a kuno, la mpingo, la maliro, la anthu a boma lanu, koma muyambe mwapempha adimini chifukwa magulu ena amaletsa zamalonda ndipo angakutulutseni.
4. Nthawi. Anthu athu a m'makhitchini ndi a m'nyumba za mabwana sagwira foni masana, amaiona ali mu takisi m'mawa, usiku akaweruka, kapena Lamulungu masana.

Chinanso, ngati mukufuna kuti mnzanu akaionetse kwa manijala wake yemwe samva Chichewa, lembani mizere iwiri ya Chingerezi pansi pake. Musamusiyire iyeyo ntchito yomasulira ali chiimirire pa sinki.

## Inibokosi yadzaza koma ndi ofuna ntchito ndi opempha ndalama

Walira mvula walira matope, izi zimabwera ndithu ndipo simungazithetseretu, koma mutha kuzichepetsa. Mlamu wanga tsiku loyamba lomwe analandira mameseji a anyamata omwe angotsika kumene basi ku Park Station, ena ofunsa ngati kuli malo a wothandizira kunyamula, ndi m'bale wina kumudzi wopempha ya feteleza, malipiro oyamba asanawaone n'komwe.

1. Chithunzi chikunena zina. Mukajambulitsa mutatsamira galimoto ya kampani mutavala suti, anthu amawerenga kuti mwakhala bwana. Jambulani katundu amene mumagwira, makireti a kabichi ndi anyezi ali m'galimoto, chithunzi chotero chimauza munthu wa m'khitchini nthawi yomweyo kuti nkhaniyi ikumukhudza.
2. Simunanene kuti simulemba anthu ntchito. Onjezani mzere umodzi: "Ine sindilemba anthu, ndangoyamba kumene, ndikadzamva za malo ndidzanena pompano."
3. Mwatchula dzina la kampani ndi komwe ili, ndiye anthu ayamba kupita pageti n'kumatchula dzina lanu. Izi zimakuonongerani mbiri kwa bwana mudakali m'miyezi yoyeserera, yomwe m'makampani ambiri kuno imakhala itatu. Chotsani dzinalo ndi malo msanga.

Ofuna ntchitowo ayankheni, ngakhale mwachidule, dzulo lomweli munali inuyo. Koma musalonjeze, ndipo musatengere munthu kwa bwana ngati simukudziwa kagwiridwe kake ka ntchito. Mawu oti "achimwene pakadali pano palibe, koma nambala yanu ndasunga" ndi abwino ngati mwaisungadi.

## Mwapatsidwa nambala koma munthuyo sakuyankha

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera ulesi n'kumati a Malawi sitithandizana, pamene cholakwika chili pa kalumikizidwe.

1. Mwini nambala sanauzidwe. Mnzanu wangokutumizirani nambala ya shefi, inu mwaimba, shefi waona nambala yachilendo, ndipo ku Joni kuno ndani amayankha nambala yachilendo mokondwa? Choipa kwambiri nchakuti akafunsa kuti nambala mwaitenga kuti, amene amalowa m'mavuto ndi mnzanu uja, ntchito yake ndi imene ili pachiswe osati yanu. Musaimbe musanafunse funso ili: "Mwawauza kuti ndiimba, ndipo avomera?" Akati ayi, dikirani.
2. Mnzanuyo sakudziwa choti akanene. Mulembereni kameseji kakafupi koti angokatumiza mmene kalili. Ka mlamu wanga kanali m'Chingerezi koma tanthauzo lake linali ili: "Bwana, m'bale wanga amaperekera ndiwo zamasamba m'malesitilanti a dera lino m'mawa uliwonse. Angakutumizireni mitengo ya sabata ino kuti muyerekeze ndi komwe mumagula? Ngati simukufuna palibe vuto." Mizere itatu basi, ndipo mnzanuyo sakulonjeza kalikonse m'dzina lake.
3. Mwaimba nthawi yolakwika. Khitchini imakhala pamoto nthawi ya nkhomaliro ndi madzulo, Lachisanu ndi Loweruka nde musayerekeze. Yesani m'mawa cha m'ma 10 kapena masana cha m'ma 3 pakati pa sabata.
4. Mwatumiza mawu ojambula a mphindi zinayi. Kwathu timayamba ndi moni wautali, za kunyumba, za ana, ndipo pakati pa ife tokha ndi ulemu, koma kwa munthu wosakudziwani yemwe ali pa ntchito lembani meseji, mutchule amene wakulumikizani m'chiganizo choyamba, munene chomwe muli nacho, mufunse nthawi yomwe angamasuke.
5. Munthuyo si amene amaganiza zogula. Malesitilanti ena omwe ali ndi nthambi zambiri amaoda kuchokera ku ofesi yaikulu, shefi wa pamalopo alibe mphamvu yosintha. Funsani mnzanuyo poyamba pomwe, musataye sabata.

Akapanda kuyankha, kumbutsani kamodzi pakatha sabata, kenako musiye. Kachitatu mumakhala mukuvutitsa munthu ndipo mukumuchititsa manyazi amene anakulumikizani.

Kwa mlamu wanga zinayenda chonchi. Pa positi yachiwiri ija anthu anayi analemba ku inibokosi. Mmodzi anangotumiza nambala osafunsa mwini wake, imeneyo sitinaiimbe. Wina anati kwawo amaoda ku ofesi yaikulu. Wachitatu anafunsa shefi wake ndipo anakana, ati ali ndi wowaperekera wa zaka zambiri. Wachinayi anali mayi wina wa ku mpingo yemwe amakonza masaladi pa lesitilanti yaing'ono, anatumiza kameseji kaja kwa mwini malo, mwini malo anati abwere Lachiwiri masana ndi mitengo, ndipo anayamba ndi oda yaing'ono ya letesi, tomato ndi mandimu kuti aone ngati katundu azifika pa nthawi. Tsiku lomwelo mlamu anawaimbira mayi aja kuwauza mmene zathera, ndipo anawalemberanso atatu enawo kuwathokoza. Ichi anthu amaiwala kwambiri, wakulumikizani amafuna kumva kuti zinatha bwanji chifukwa waikapo nkhope yake, akangomva kwa bwana wake inu muli chete sadzakuchitiraninso.

## Bwana watsopano kapena wakale wakwiya ndi positi

1. Munaika musanapemphe. Kufunsa sikutenga nthawi, muonetseni bwana mawuwo pa foni musanaike, makamaka ngati mukutchula kampani kapena chithunzi chikuonetsa yunifomu. Makampani ena ali ndi lamulo lolembedwa la zomwe wantchito angaike pa intaneti ndipo limakhala m'mapepala omwe munasaina osawerenga.
2. Munaulula za makasitomala. Kulemba kuti "timaperekera ku malo akutiakuti" kapena kujambula invoisi yooneka mayina, manambala ndi mitengo ndi nkhani yaikulu. Kuno kuli lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, ndipo mabwana amaliopa. Fufutani chithunzicho pompo, mukamuuze bwana nokha asanamve kwa wina.
3. Munanyoza komwe munachoka. Mawu ngati "ndatuluka mu Iguputo" anthu amawakonda koma bwana wakale ndi amene adzafunsidwe za inu mawa, ndipo watsopanoyo akuwerenga n'kumaganiza kuti tsiku lina adzakhala iyeyo.
4. Munalengeza msanga. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, lonjezo la pa foni si ntchito. Dikirani musaine kontirakiti ndipo muyambe, bola pathe sabata imodzi kapena ziwiri kuti mudziwe bwino chomwe mukugulitsa, chifukwa munthu akakulumikizani inu n'kulephera kuyankha kuti oda yochepetsetsa ndi ya ndalama zingati, mwayi umenewo wapita.

## Apa imani, musapitirire nokha

Pali zinthu zomwe kusintha mawu a positi sikungakonze.

- Ngati kontirakiti ya ku ntchito yakale ili ndi ndime yokuletsani kutenga makasitomala awo kapena kugwira ntchito yofanana m'dera lomwelo kwa nthawi yakutiyakuti, musapemphe poyera kuti makasitomala akale akutsatireni. Makhoti a kuno amatha kuilemekeza ndime yotero. Kaonetseni pepalalo kwa loya kaye. Ngati mulibe ndalama imbani ku Legal Aid South Africa pa 0800 110 110, nambalayi ndi yaulere.
- Ngati mwachotsedwa ntchito chifukwa cha positi, musakangane pa Facebook. Jambulani positiyo ndi mameseji onse, sungani kalata iliyonse, mupite ku CCMA, bungwe lomwe limaweruza mikangano ya pa ntchito. Kudandaula kumeneko salipiritsa, koma muli ndi masiku 30 okha kuchokera tsiku lomwe mwachotsedwa.
- Ngati wina walemba kuti akulumikizani ndi bwana wamkulu koma mutumize kaye ndalama, kaya R300 kaya R1 000, musatumize. Chimodzimodzi wopempha chithunzi cha pasipoti yanu, kapena manambala omwe abwera pa foni yanu pa SMS, amenewo akufuna kulanda WhatsApp yanu kuti azipempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Uzaninso anyamata ofuna ntchito aja kuti lamulo la 2014 loona za opezera anthu ntchito limaletsa kulipiritsa munthu wofuna ntchito. Ngati ndalama zapita kale imbirani banki yanu nthawi yomweyo kenako mukatsegule mlandu ku polisi.
- Ngati munthu wosamudziwa akuti mukakumane kunyumba kwake kapena malo obisika kuti akuonetseni kasitomala, kanani. Kumanani pa lesitilanti pomwepo masana, ndipo wina adziwe komwe mwapita. Achemwali athu ichi ndikuchinena motsindika. Zikaopsa nambala ya polisi ndi 10111.

Ndipo nkhani ya mapepala. Positi ya pa Public imaonedwa ndi aliyense, kuphatikizapo anthu omwe sakondwa kuona mlendo ali pa ntchito, ndipo tonse taonapo mmene zimayambira. Masiku 30 omwe amatidindira pa Beitbridge ndi ochezera, salola kugwira ntchito, ndipo pemiti ina imakhala yomangidwa kwa bwana mmodzi moti mukasintha ntchito imafunika kukonzedwanso. Ngati simukutsimikiza kuti pemiti yanu ikulola ntchito yatsopanoyi, musaike positi iliyonse, kaonaneni kaye ndi loya wodziwa za olowa ndi otuluka m'dziko kapena a Lawyers for Human Rights omwe ali ndi ofesi ku Braamfontein, osati munthu wa pa kona yemwe amati amakonza mapepala. Ngakhale mapepala anu ali bwinobwino, ganiziraninso anzanu omwe akukomenta, musawafunse poyera kuti "mumagwira lesitilanti iti?" chifukwa simudziwa mmene zinthu zawo zilili. Nchifukwa chake mu positi ya mlamu wanga tinaika mawu aja oti zonse zipite ku inibokosi, ndipo wina ataiwala n'kulemba dzina la malo ake a ntchito pa komenti, mlamu anaibisa komentiyo n'kumuimbira kumufotokozera chifukwa chake.